Mutu 9: Waifai Ikasowa pa Laputopu

Malaputopu ambiri amene akugwira ntchito m'makomboni a Lusaka anagwirapo kale ntchito kwina. Munthu wa ku Matero kapena ku Chawama akasonkha ndalama amapita m'tauni, ku Cairo Road kapena ku Kamwala, n'kubwerako ndi HP EliteBook, Dell Latitude kapena Lenovo ThinkPad yomwe inatumikira zaka zingapo mu ofesi ya kunja. Makina amenewa ndi olimba, koma amafika opanda kabuku kake, ndipo wogulitsa sakhala ndi nthawi yofotokoza ntchito ya batani lililonse. Tsiku lina waifai imangosowa. Foni ikuona rauta bwinobwino, laputopu ya mnzako pafupi pomwepo ikugwira, koma yako sikuona kanthu. Mawu amene amatuluka msanga ndi akuti, "Khadi lapsa," kapena, "Ikufunika kuifomata."

Kawirikawiri palibe chimene chapsa. Kawailesi ka m'kati mwa laputopu kamakhala kuti kazimitsidwa ndi chala cha munthu, kapena kagonekedwa ndi Windows pofuna kusunga batire. Mavuto awiriwa amafanana pongowaona, koma zizindikiro zake n'zosiyana, ndipo mukadziwa kuzisiyanitsa mudzakonza nokha osalipira ngakhale ngwee imodzi.

Chimene chili m'kati

Pansi pa kiyibodi, kapena kuseri kwa kachivundikiro ka pansi pa laputopu, pali kakhadi kochepa kuposa bokosi la machesi. Kameneka ndi kawailesi kotumiza ndi kulandira. Pa kakhadiko pamalumikizidwa timawaya tiwiri, nthawi zambiri kakuda ndi koyera, timene timadutsa m'mahinji n'kukwera m'mbali mwa sikirini. Timeneti ndiye eriyo yake. Kuti Windows ilankhule ndi kakhadiko pamafunika kapulogalamu kotchedwa dalaiva.

Opanga malaputopu anaika dala njira zozimitsira kawailesika. M'ndege ndi m'malo ena anthu ankalamulidwa kuzimitsa chilichonse chotulutsa mafunde a wailesi, choncho panafunika batani lochita zimenezi msanga. Chifukwa chachiwiri ndi batire. Wailesi yomwe ikumvetsera nthawi zonse imadya moto, ndiye Windows inapatsidwa ufulu woigoneka. Njira zonsezi zinaikidwa kuti zithandize, koma zimasanduka msampha kwa munthu amene sanauzidwe kuti zilipo.

Yambani ndi foni

Musanakhudze laputopu, tengani foni muone ngati ikuona dzina la rauta kapena la maifai yanu. Kuyesa kumeneku n'kofunika kwambiri ku Lusaka kuno. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ochuluka, ndipo m'miyezi ina madera ambiri ankaona malaiti maola owerengeka okha pa tsiku. Malaiti akapita, laputopu imapitiriza ndi batire lake, koma rauta yolumikizidwa kukhoma imazima nthawi yomweyo. Ngati foni nayo sikuona dzina la rautayo, laputopu ilibe mlandu.

Pali kusiyana kwinanso koyenera kukugwira bwino. Waifai ndi kanjira kafupi kochoka pa laputopu kufika pa rauta, pa maifai kapena pa foni ya hotisipoti. Intaneti ndi ulendo wochoka pamenepo kupita ku nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Laputopu ikalemba kuti `No internet` pansi pa dzina la netiweki imene yalumikizidwa, waifai ili bwino. Mwina bandulo yatha, mwina nsanja ya m'dera lanu yafooka chifukwa magetsi akhalitsa osabwera. Vuto limene tikukamba pano ndi lija loti foni ikuona netiweki ndipo ikutsegula masamba, koma laputopu yokha ndiyo ikukana.

Batani likakhudzidwa mosadziwa

Chizindikiro cha vutoli n'chakuti manetiweki onse amasowa nthawi imodzi. M'komboni ngati Kalingalinga kapena Mtendere, kumene nyumba n'zoyandikana, laputopu yabwino imaona mayina angapo a mahotisipoti ndi marauta a anansi. Mndandanda ukakhala wopanda ngakhale dzina limodzi, ganizirani kuti wailesi yazimitsidwa. Pakona ya kumanja pansi pa sikirini pamaoneka kandege, kapena kadziko kozungulira m'malo mwa timizere ta waifai. Vutoli silisintha mukalumikiza chaja, ndipo kawirikawiri silichoka ngakhale mutazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, chifukwa makina amakumbukira kuti analamulidwa kuzimitsa wailesi.

Batanilo lili mumzere wapamwamba wa kiyibodi, pakati pa `F1` ndi `F12`, ndipo lili ndi kachithunzi ka nsanja yotulutsa mafunde kapena ka ndege. Pa ma HP ambiri a panyumba ndi `F12`, ndipo lili ndi kanyali: kakayaka koyera kapena kabuluu wailesi ikugwira, kakasanduka kachikasu kofiirira yazimitsidwa. Ma EliteBook ambiri akale ali ndi batani lapadera pamwamba pa kiyibodi chakumanja, pafupi ndi lozimitsira mawu. Pa Acer kawirikawiri ndi `Fn` pamodzi ndi `F3`, pa Asus `Fn` ndi `F2`, pa Toshiba zakale `Fn` ndi `F8`. ThinkPad zakale zimagwiritsa `Fn` ndi `F5`, pamene zambiri zoyambira pa T440 zili ndi `F8`. Mitundu imasiyana ngakhale ya kampani imodzi, choncho khulupirirani kachithunzi ka pa batani kuposa nambala imene munamva kwa mnzanu.

Mabatani amenewa ali ndi ntchito ziwiriziwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amakodwa. Pa makina ena, kudina `F12` palokha kumazimitsa waifai. Pa ena mumayenera kugwira `Fn` kaye. Munthu wolemba mu Word amene anaphunzira kuti `F12` ndi `Save As` akhoza kuzimitsa waifai ya HP akuganiza kuti akusunga kalata. Wina amafuna kuwonjezera kuwala kwa sikirini mumdima wa lodishedi, chala n'kutsetserekera pa batani loyandikana nalo. Mwana wosewera pa kiyibodi, kapena nsalu yopukutira fumbi, zimachitanso chimodzimodzi. Pa ThinkPad ndi Dell zambiri, kudina `Fn` ndi `Esc` kumatembenuza machitidwe a mzere wonsewo, moti batani limene dzulo linkafuna `Fn` lero silikumufunanso. Choncho yesani njira zonse ziwiri: dinani batanilo palokha kamodzi, dikirani masekondi khumi, ndipo ngati palibe chasintha, dinani pamodzi ndi `Fn`. Musadine mobwerezabwereza, chifukwa kudina kachiwiri kumazimitsanso chimene mwangoyatsa kumene kakhadi kasanayambe kufufuza manetiweki.

Makina a m'maofesi opangidwa cha m'ma 2010 mpaka 2012 ali ndi chinthu china chobisika: kaswichi kotsetsereka m'mbali mwa laputopu. Dell Latitude E6420 ndi ThinkPad T420 zili nako kumanja. Kaswichi kameneka kamasuntha kokha polowetsa laputopu m'chikwama chothina, kapena chikwamacho chikapanikizidwa m'minibasi yodzaza yochoka ku Kanyama. Yendetsani chala m'mbali zonse ndi kutsogolo kwa laputopu. Kaswichika kakakhala kozimitsa, palibe chimene mungachite mu Windows kuti waifai ibwere.

Kufunsa makina eniake

Pali njira yodziwira ngati wailesi yatsekedwa ndi swichi kapena ndi Windows. Dinani batani la Windows, lembani `cmd`, tsegulani, ndipo lembani lamulo ili:

```
netsh wlan show interfaces
```

Pa zimene zituluke, funani mzere wa `Radio status`. Ukhoza kuoneka chonchi:

```
Radio status : Hardware On
               Software Off
```

`Hardware Off` ikutanthauza kuti chotseka ndi swichi kapena batani la pa makina, ndiye bwererani mukalifunefune. `Software Off` ikutanthauza kuti chotseka chili mu Windows. Pamenepo dinani batani la Windows pamodzi ndi `A`, muone ngati `Airplane mode` yayatsidwa. Izimitseni, kenako yatsani `Wi-Fi`. Nthawi zina kandege kamachoka koma waifai n'kutsala yozimitsidwa, makamaka ngati pa `Turn Wi-Fi back on` panasankhidwa `Manually`, kutanthauza kuti siidzabwerera mpaka inu mutaiyatsa.

Lamulolo likayankha kuti `There is no wireless interface on the system`, ndiye kuti Windows sikukaona n'komwe kakhadi. Dinani batani la Windows ndi `R`, lembani `ncpa.cpl`. Ngati `Wi-Fi` ikuoneka yotuwa ndi mawu akuti `Disabled`, dinani kumanja kwa mausi musankhe `Enable`. Amene amagwiritsa ntchito Ubuntu ali ndi lamulo lofanana nalo, `rfkill list`, limene limaonetsa `Soft blocked` ndi `Hard blocked`. Choyambacho chimatsegulidwa ndi `rfkill unblock wifi`, koma chachiwiricho chimafuna chala pa swichi.

Waifai ikamagona

Vuto lachiwiri lili ndi khalidwe lina. Waifai siisoweratu, imabwera n'kupita. Imaduka mukachotsa chaja, kapena imakana kubwerera mukatsegula chivundikiro laputopu itagona. Mukaiyambitsanso imagwira bwino, mawa n'kuyambiranso. Vuto lotsatira nthawi chonchi silichokera ku batani. Ndipo pali makonzedwe awiri osiyana amene amalibweretsa, omwe anthu ambiri amawasakaniza.

Oyamba amakhudza nthawi imene laputopu ikugwira ntchito pa batire. Rauta iliyonse imalengeza kuti ilipo pafupifupi kakhumi pa sekondi, ndipo m'chilengezocho imatchula makina amene ili ndi uthenga wawo. Kakhadi kosunga moto kamauza rauta kuti, "Ndikugona, undisungire zanga," ndipo kamangodzuka kudzamvetsera chilengezo. Zili ngati mlonda wogona amene anapangana ndi mnzake kuti azimudzutsa mlendo akafika: pangano limayenda pokhapokha mnzakeyo akamalisunga. Marauta ena akale kapena otchipa salisunga bwino. Amatumiza uthenga kakhadi kali mtulo, uthengawo n'kutayika, ndipo zikachitika kangapo kulumikizana kumaduka. Mwachizolowezi, dongosolo la mphamvu la Windows lotchedwa `Balanced` limapatsa kakhadi mphamvu zonse chaja ikakhalapo, koma pa batire limakaika pa `Medium Power Saving`. Kumene magetsi sazimazima, munthu akhoza kutha chaka osadziwa zimenezi. Ku George kapena ku Chawama, magetsi akamazimazima laputopu n'kumathera maola ambiri pa batire, vutoli limaonekera tsiku ndi tsiku.

Pokonza, dinani batani la Windows ndi `R`, lembani `powercfg.cpl`, kenako tsatirani njira iyi:

```
Change plan settings
Change advanced power settings
Wireless Adapter Settings
Power Saving Mode
On battery: Maximum Performance
```

Makonzedwe achiwiri amakhudza kugona kwa laputopu yonse. Mukatseka chivundikiro, Windows imagoneka kakhadi, ndipo mukatsegula imakadzutsa. Ngati dalaiva ndi wakale kapena sagwirizana bwino ndi Windows imene munaika, kakhadi kamalephera kudzuka. Zimenezi zimachitika kwambiri pa makina opangidwira Windows 7 amene anaikidwa Windows 10 kapena 11 m'shopu. Dinani batani la Windows ndi `R`, lembani `devmgmt.msc`. Mu `Device Manager` imene itseguke, tsegulani `Network adapters`, ndipo sankhani dzina lokhala ndi mawu ngati `Wireless`, `Wi-Fi` kapena `802.11`. Dinani kawiri, pitani pa `Power Management`, n'kuchotsa chizindikiro pa mzere uwu:

```
Allow the computer to turn off this device to save power
```

Mawu ake amapangitsa anthu kuganiza kuti Windows imazimitsa kakhadi munthu akangosiya kudina. Kwenikweni bokosili limalamulira zimene zimachitika laputopu ikagona. Mukachotsa chizindikirocho, Windows imaimitsiratu kakhadi pogona n'kukayambitsa mwatsopano podzuka, m'malo modalira dalaiva kuti akumbukire pamene anasiyira. N'chifukwa chake kusintha bokosili sikuchiza waifai yoduka pa batire, ndipo kusintha `Power Saving Mode` sikuchiza waifai yokana kudzuka. Pa malaputopu ena atsopano tsamba la `Power Management` silioneka n'komwe, chifukwa amagona mwa njira ina. Pa amenewo chothandiza n'kuika dalaiva watsopano wochokera kwa wopanga laputopuyo.

Chitsanzo cha ku Kalingalinga

Tiyerekeze wophunzira wa pa UNZA amene amachita lendi ku Kalingalinga. Ali ndi Dell Latitude E6430 yogula yogwiritsidwa kale, yokhala ndi Windows 10, ndipo intaneti amaipeza pa maifai yoyendera batire. Dandaulo lake n'lakuti malaiti akangopita, pasanathe nthawi yaitali masamba amasiya kutseguka ndipo laputopu imadzichotsa pa netiweki. Mnzake wamuuza kuti khadi likufa.

Choyamba, malaiti atapita, akuyang'ana foni. Ikadali pa maifai ndipo ikutsegula masamba, choncho maifai ndi bandulo zilibe vuto. Chachiwiri, akutsegula mndandanda wa manetiweki pa laputopu, ndipo mayina a anansi akuoneka. Lamulo la `netsh` likuonetsa `Hardware On` ndi `Software On`. Apa nkhani ya batani ndi ya kaswichi ka m'mbali yatha, chifukwa wailesi yozimitsidwa siona dzina lililonse.

Chachitatu ndicho chofunika kwambiri. Magetsi atabwera, akusiya laputopu pa chaja ikukoka fayilo yaikulu kwa mphindi 15, ndipo siikuduka. Kenako akuzula chaja dala, malaiti ali chiyakire, zina zonse osazisintha. Kukokako kukuyamba kuchedwa, kenako kukuduka. Wasintha chinthu chimodzi chokha ndipo vuto labwera, ndiye chimene chikulibweretsa ndi kuchoka pa chaja kupita pa batire, osati kuzima kwa magetsi a ZESCO pakokha. Akulowa mu `powercfg.cpl` ndipo akupeza kuti pa `On battery` pali `Maximum Power Saving`, mwina woikidwa ndi mwini wake wakale. Akusintha kukhala `Maximum Performance`, akuzulanso chaja, ndipo fayilo ikutha kukokedwa osaduka.

Pali mtengo wake. Kakhadi kosagona kamadya batire pang'ono kuposa kale, ndipo pa batire lokalamba mphindi iliyonse imawerengedwa. Wophunzirayu akhoza kuyesa `Low Power Saving` kwa masiku angapo, ndipo ngati sikuduka, asiye pamenepo. Moto wambiri umapita ku kuwala kwa sikirini, choncho kuchepetsa kuwalako kumabweza zochuluka kuposa zimene waifai yatenga. Akumbukirenso kuti kusinthaku kumagwira pa dongosolo limene wasintha lokha. Akadzasamukira ku `Power saver`, ayenera kukasinthanso kumeneko.

Pamene njirazi zimathera

Pali zinthu zingapo zofanana ndi mavutowa zomwe sizichira ndi njira zimenezi. Ngati laputopu ikuona manetiweki a anansi koma osaona hotisipoti ya foni yanu yokha, mwina foniyo ikutumiza pa `5 GHz` pamene kakhadi kakale kamamva `2.4 GHz` yokha. Sinthani pa foni. Ngati waifai ya HP ya mu ofesi imazima mukangolumikiza waya wa netiweki, pali makonzedwe a mu BIOS otchedwa `LAN/WLAN Auto Switching` amene amachita zimenezo dala, ndipo mumawapeza podina `F10` makina akuyaka. Ngati batani la waifai linasiya kumvera kuchokera tsiku limene laputopu inafomatidwa, ndiye kuti kapulogalamu ka mabataniwo sikanaikidwenso. Pa HP kamatchedwa `HP Wireless Button Driver`. Kuti mukakoke popanda waifai, lumikizani foni ndi waya wa USB n'kuyatsa `USB tethering`.

Poyesa zonsezi, gwiritsani ntchito `Restart` m'malo mwa `Shut down`. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, `Shut down` kawirikawiri imasunga mmene madalaiva analili kuti makina adzayake msanga, choncho dalaiva wosokonezeka amadzuka ali wosokonezeka. `Restart` ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano.

Kwa amisiri kumafunika kupita zizindikiro zikaloza ku chitsulo chenicheni. Ngati waifai imagwira pokhapokha laputopu ili pafupi kwambiri ndi rauta, kapena imasintha mukaweramitsa sikirini, kawaya ka eriyo kaduka pa hinji kapena kazuka pa kakhadi. Ngati mu `Device Manager` dzina la kakhadi silioneka konse ngakhale mutayambitsanso makina, kapena likuonetsabe `Code 10` mutaika dalaiva woyenera, kakhadi kakhoza kukhala kosuntha m'malo mwake kapena kowonongeka. Ngakhale pamenepo kufomata si mankhwala, ndipo kumaika mafayilo anu pangozi pachabe. Pa makina akale kakhadika kamazulidwa n'kubwezeretsedwa kapena kusinthidwa, ndipo kawaifai kolowetsa pa USB kamagwira ntchito yomweyo osatsegula laputopu.

Mukafika kwa mmisiri, musamuuze kuti, "Waifai sikugwira," basi. Muuzeni kuti foni ikuona netiweki, kuti `Radio status` ikuonetsa `On` konsekonse, kuti vuto limabwera pa chaja ndi pa batire pomwe, ndiponso zimene mwasintha kale. Mmisiri womva zimenezi amadziwa poyambira, ndipo inu mumadziwa chimene mukulipirira.